Tizithunzi ta Imoji pa Zidziwitso: Zimene Osaona Amamva

Zidziwitso zambiri za m'mawodi athu masiku ano zikudzera pa magulu a WhatsApp. Ena mwa olandira ndi anthu osaona, amene amamvetsera uthengawo kudzera pa pulogalamu yowerenga mokweza zolembedwa pa foni, monga TalkBack pa mafoni a Android ndi VoiceOver pa iPhone.

Pulogalamu yotereyi sidumpha tizithunzi ta imoji. Kachithunzi kalikonse kali ndi dzina lake, lochokera ku bungwe la Unicode, ndipo pulogalamuyo imatchula dzinalo pamalo pomwe kachithunziko kali. Munthu woona amangoponya diso n'kupitirira, koma womvetsera amamva dzina lonse lisanabwere liwu lotsatira.

Mwachitsanzo, mlembi wa komiti angalembe motere: "Msonkhano 👏🏾 wa 👏🏾 komiti 👏🏾 ya 👏🏾 mjigo 👏🏾 Lachitatu." Pa foni yolankhula Chingelezi, dzina la kachithunzika ndi "clapping hands: medium-dark skin tone", mawu 6, pakuti mtundu wa khungu nawo umatchulidwa. Uthenga weniweni uli ndi mawu 6 okha, koma tizithunzi 5 taonjezerapo mawu pafupifupi 30. Womvetsera amamva "Msonkhano", kenako dzina lija, "wa", dzina lomwelo, mpaka kumapeto. Tsiku la msonkhano, lomwe ndilo mfundo yaikulu, limafika iye atatopa kale kapena atadumphira ku uthenga wina. Choncho mayi amene amatunga pa mjigowo angaphonye msonkhano wokambirana za ndalama zimene iyenso adzasonkha.

Mapulogalamu ena amafupikitsa tizithunzi tofanana tikatsatizana, n'kungotchula chiwerengero chake. Koma tikakhala tosiyanasiyana, kapena tikalowa pakati pa mawu, kalikonse kamatchulidwa pakokha.

Vuto lina limabwera kachithunzi kakalowa m'malo mwa mawu. Ambiri amatumiza 🙏 pothokoza kapena popempha, koma dzina lake ndi "folded hands", kutanthauza manja ophatikizidwa. Womvetsera sangadziwe ngati akuthokozedwa, akupemphedwa kapena akuitanidwa ku mapemphero.

Choncho olemba zidziwitso ayambe ndi tsiku, nthawi ndi malo, zonse m'mawu. Kachithunzi kamodzi kapena tiwiri n'tokwanira, ndipo tiikidwe kumapeto kwa uthenga. Mayina a magulu nawo asadzaze tizithunzi, chifukwa amatchulidwa nthawi iliyonse womvetsera akafika pa gululo.

Mlembi angadziyese yekha. Pa mafoni ambiri a Android, atsegule Settings, kenako Accessibility, n'kuyatsa TalkBack. Akhudze uthengawo kamodzi ndi kumvetsera osayang'ana. Akumbukire kuti TalkBack ikayatsidwa, chinthu chimatsegulidwa pochikhudza kamodzi kenako kugogoda kawiri, ngakhale poizimitsa. Ngati tsiku ndi malo sizinamveke msanga, uthengawo ulembedwenso usanatumizidwe.