Njira Ziwiri pa Zithunzi Ziwiri za Mapu: Yachidule Ndi Iti, Yabwino Ndi Iti?

Chithunzi cha mapu chojambulidwa pa foni, chimene ambiri amangochitcha sikirinishoti, chimaonetsa njira ngati mzere wokhotakhota wochoka pa kadontho kamodzi kukafika pa kena. Zithunzi ziwiri zoterezi zikaikidwa pamodzi, diso limathamangira mzere umene ukuoneka waufupi. Apa ndi pamene ambiri amapusitsika, chifukwa kutalika kwa mzere pagalasi la foni kumadalira mmene wojambulayo anakulitsira kapena kuchepetsera mapu asanajambule. Mapu ali pa foni amatha kukokedwa ndi zala mpaka zonse zitaoneka bwino, koma chithunzi chimangokhala mmene chinajambulidwira, ndipo zimene zinatsala kunja kwake sizingabwezedwe.

Ulendo wochoka ku Lilongwe kupita kunyanja, ku Monkey Bay kapena ku Mangochi, ndi chitsanzo chabwino chifukwa uli ndi njira ziwiri zodziwika. Yoyamba imatsata msewu wa M1 kudutsa pa Nathenje ndi pa Chimbiya mpaka ku Dedza, mtunda wa makilomita pafupifupi 85, kenaka imapatuka pa Masasa n'kutsika phiri la Khwekhwerere mpaka pa Golomoti. Yachiwiri imatsata M14 kulowera ku Salima, makilomita pafupifupi 100, n'kukhotera kummwera pa M5 kudutsa Chipoka ndi Mtakataka. Njira zonsezi zimakakumana cha ku Golomoti, choncho kuyerekeza kwenikweni kumathera pamenepo, popeza msewu wotsalawo ndi umodzi.

Munthu asanayeze chilichonse, ayenera kutsimikiza kuti zithunzi ziwirizo zikunena za ulendo umodzi. Poyambira ndi pothera pakhale pamodzimodzi. Mzinda wa Lilongwe ndi wotambalala kwambiri, moti njira yoyambira ku Kanengo ndi ina yoyambira ku Biwi zimasiyana ndi makilomita oposa khumi galimoto isanatuluke n'komwe mu mzinda. Wa ku Kanengo ali kale kufupi ndi msewu wa ku Salima, pamene wa ku Biwi ali pamsewu wa ku Dedza. Kachizindikiro ka mayendedwe pamwamba pa chithunzi nakonso kafanane, chifukwa Google Maps imapereka njira ndi nthawi zosiyana kwa galimoto ndi kwa woyenda pansi. Pomaliza pali zilembo zotsatana ndi nambala. Chithunzi china chikhoza kulemba km pamene chinzake chalemba mi, kutanthauza mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita pafupifupi 1.6. Njira yolembedwa 110 mi ndi yaitali kuposa yolembedwa 140 km, chifukwa mamailosi 110 ndi makilomita 177.

Nambala za mtunda zikakhalapo pa zithunzi zonse ziwiri, ntchito yapepuka, ndipo ndi zimenezo zoyenera kukhulupiriridwa, osati maonekedwe a mzere. Koma kawirikawiri wotumiza chithunzi amadula mbali ya mmunsi kumene kumakhala nambalazo. Zikatero, chothandiza ndi kamzere ka sikelo, kamene kamakhala pakona ya mapu ndi nambala yake, monga 20 km. Tanthauzo lake n'lakuti kutalika kwa kamzereko pagalasi kukuimira makilomita 20 pansi.

Kuyeza kwake kumafuna ulusi ndi rula. Ulusi umayalidwa pagalasi motsata mzere wa njira, kukhota pamene mzerewo wakhota, kenaka umawongoledwa n'kuyezedwa pa rula. Tiyerekeze kuti pa chithunzi cha njira ya ku Dedza ulusi watalika masentimita 14, ndipo kamzere ka 20 km n'kotalika masentimita 2. Ndiye kuti sentimita iliyonse ikuimira makilomita 10, ndipo njirayo ndi ya makilomita pafupifupi 140. Pa chithunzi cha njira ya ku Salima ulusi watalika masentimita 9 okha, koma kamzere kake kalembedwa 50 km ndipo n'kotalika masentimita 2.5. Apa sentimita imodzi ikuimira makilomita 20, choncho njirayo ndi ya makilomita pafupifupi 180. Mzere umene unkaoneka waufupi ndi umene uli wautali ndi makilomita 40. Wojambulayo anangochepetsa mapu kuti Salima, amene ali patali kummawa, akwane pagalasi.

Chinthu chimodzi choyenera kusamala n'chakuti chithunzi chisakulitsidwe ndi zala pakati pa kuyeza kamzere ka sikelo ndi kuyeza njira, apo ayi nambala ziwirizo sizigwirizananso. Komanso pa mafoni ambiri kamzereka kamaoneka pokhapokha munthu akamakulitsa kapena kuchepetsa mapu, kenaka kamazimiririka, n'chifukwa chake zithunzi zambiri zilibe. Pakasowa kamzere, malo awiri amene akuoneka pa zithunzi zonse ziwiri amagwira ntchito yomweyo. Ngati mpata wa pakati pa Lilongwe ndi Dedza uli masentimita 8 pa chithunzi china ndi masentimita 4 pa chinzake, ndiye kuti chithunzi chachiwiricho chinachepetsedwa ndi theka, ndipo muyezo wake uyenera kuwirikizidwa kawiri usanayerekezedwe ndi woyambawo.

Ulusi uli ndi malire ake, ndipo amaonekera kwambiri pa Khwekhwerere. Mapu akachepetsedwa kuti ulendo wonse ukwane pagalasi limodzi, makona ang'onoang'ono amamezedwa, ndipo msewu umene umazungulira m'mbali mwa phiri ngati njoka umangooneka ngati kamzere konjenjemera pang'ono. Ulusi sungatsate makona amene sakuoneka, choncho nthawi zonse umapereka mtunda wochepera pa njira ya m'mapiri kusiyana ndi pa njira ya m'chigwa. Kusiyana kwa makilomita 40 sikungafafanizike ndi zimenezi, koma njira ziwiri zikasiyana ndi makilomita asanu kapena khumi okha, muyezo wa ulusi sungagamule mlandu.

Nthawi yolembedwa pa chithunzi, ngati ilipo, imaulula zimene mzere wabisa. Mtunda ukagawidwa ndi maola, pamatuluka liwiro limene mapu akuyembekezera pamsewuwo. Njira ya makilomita 140 yolembedwa maola awiri ndi theka ikutanthauza makilomita 56 pa ola, pamene ya makilomita 180 yolembedwa maola atatu ikutanthauza 60. Liwiro likatsika kwambiri, mwachitsanzo kufika pa 30 kunja kwa tauni, pali chifukwa chake: makona, zitunda kapena msewu wopanda phula. Komabe nthawiyi imawerengedwa ngati ya galimoto yosaima panjira. Minibasi yodikira anthu pa siteji iliyonse sikhudzidwa ndi nambala imeneyi.

Funso la njira yotetezeka ndi lovutirapo, chifukwa palibe nambala pa chithunzi imene imaliyankha. Yankho limatoledwa m'zizindikiro, ndipo chachikulu mwa izo, chomwe ndi kukwera ndi kutsika kwa nthaka, sichioneka pa mapu wamba. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 474. Wodzera ku Golomoti amatsika mamita okwana ngati chikwi pa mtunda waufupi, m'makona otsatanatsatana. Pa mtsetse wotere, dalaivala amene amangoponda buleki osalowetsa giya yotsika amatenthetsa mabuleki mpaka kuleka kugwira, ndipo fungo la kupserera ndiye chenjezo loyamba. Galimoto yolemedwa ndi katundu ndiyo imakhala pachiopsezo kwambiri. Njira ya ku Salima nayonso imatsika kuchoka pa mamita pafupifupi 1,050 a ku Lilongwe ndipo ili ndi makona ake cha ku Mvera, koma kutsikako n'kochepa ndipo kumamwazikana pa mtunda wautali. Chithunzi chojambulidwa mapu ali pa Terrain chimaonetsa zimenezi ndi mithunzi ya mapiri, ndipo pamene mzere wa njira wadutsa mumthunzi wakuda n'kumakhotakhota, pamenepo pali mtsetse. Popanda Terrain, kunjenjemera kwa mzere kuja ndiye chizindikiro chokhacho.

Timizere ta buluu todutsa njira ndi mitsinje, ndipo paliponse pamene tadutsa pali mlatho. Msewu wa M5 umayenda pakati pa mapiri ndi nyanja, choncho umadula mitsinje yambiri yotsika kuchokera kumtunda, kuphatikizapo Linthipe. M'chilimwe izi sizidetsa nkhawa. M'dzinja, makamaka kuyambira Januwale mpaka Marichi, mitsinje yomweyo imasefukira ngakhale pamene mvula yagwa kumapiri kokha, ndipo msewu wa m'mbali mwa nyanjawu wakhala ukuduka m'malo ena milatho ikakokoloka. Njira ya kumtunda ili ndi vuto lake la nyengo, lomwe ndi nkhungu ya ku Dedza m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, imene imaphimba msewu m'mamawa. Motero njira yabwino pa Febuluwale ikhoza kukhala yosiyana ndi yabwino pa Julayi, ngakhale mizere yake pa chithunzi sisintha.

Maina a malo ochitira malonda olembedwa m'mbali mwa mzere amatanthauza zinthu ziwiri zotsutsana. Pamene pali msika pamakhala anthu odumpha msewu, akabaza, ngolo ndi ziweto, makamaka tsiku la msika ndi madzulo kukamada. Pamalo pomwepo ndi pamene pamapezeka mafuta, wokonza matayala ndi anthu othandiza galimoto ikafa. Chigawo chachitali chopanda dzina lililonse chimayendeka mofulumira masana, koma ndi malo oipa kuferapo galimoto usiku. Chilembo cha msewu nachonso chimanena kanthu: M ndi msewu waukulu, S ndi wocheperapo, ndipo mzere woonda wopanda nambala kawirikawiri umakhala wafumbi. Mitundu yobiriwira, yalalanje ndi yofiira pa mzere imangonena za kuchuluka kwa magalimoto pa mphindi imene chithunzi chinajambulidwa. Kubiriwira sikutanthauza kuti msewu ulibe maenje.

Zonsezi zikaphatikizidwa, njira ya ku Dedza ndiyo yachidule, ndipo kwa galimoto yaing'ono ya mabuleki abwino, yoyenda masana, ndiyo yosavuta kuisankha. Lole yodzaza, kapena dalaivala amene sanazolowere mtsetse ndipo wanyamuka mochedwa, ali ndi chifukwa chomveka cholipirira mafuta a makilomita owonjezera n'kudzera ku Salima, pokhapokha ngati ndi nyengo ya mvula yamphamvu. Chotsala ndi msinkhu wa chithunzicho. Wotchi ya pakona ya pamwamba imaonetsa ola lokha, osati tsiku, choncho chithunzi cha sabata yatha chimaoneka chimodzimodzi ndi cha lero. Za mlatho wogumuka usiku wathawu kapena lole yopingasa pa kona zimamveka kwa madalaivala a minibasi amene angofika kumene pa depoti kuchokera njira imeneyo.