Phunziro la mphindi imodzi: nkhuku yozizidwa

Mphunzitsi akafuna kuti ana amvetse chifukwa chake bulangete limafunditsa, safunika mphindi yathunthu. Nkhuku ya pakhomo ndi yokwanira. Mawu ake angayende motere:

"Ana inu, munaionapo nkhuku m'mawa wa mwezi wa Juni? Imafufumitsa nthenga n'kuoneka ngati yanenepa usiku umodzi wokha. Siinanenepe ayi. Yatsekera mpweya pakati pa nthengazo. Kutentha kumachoka pa chinthu chotentha kupita pa chozizira, koma mu mpweya wosayenda kumadutsa movutikira kwambiri. Choncho kutentha kwa thupi la nkhuku sikuthawa msanga. Bulangete lanu nalonso limagwira mpweya mu ulusi wake. Moto uli m'thupi mwanu, bulangete limangoutchingira."

Akalankhula mosathamanga, n'kupumako pambuyo pa funso kuti ana ayankhe, mawu amenewa amatenga masekondi pafupifupi 40.

Chomwe ndimachikonda pa fanizoli n'chakuti limazula maganizo omwe ana ambiri, ngakhalenso akuluakulu, amakhala nawo: akuti bulangete ndilo limatulutsa kutentha. Koma fanizo lili ndi malire, ndipo mwana angapite kwawo akukhulupirira kuti nthenga n'zotentha mwa izo zokha. Pofuna kudziwa ngati zamveka, mphunzitsi afunse kuti: "Nanga tikakulunga botolo la madzi ozizira m'bulangete, chichitike n'chiyani?" Woyankha kuti madziwo atentha sanamvebe. Wamva ndi uyo akuti akhala ozizira nthawi yaitali, chifukwa kutentha kwa kunja kukuvutika kulowa.

Aphunzitsi, masekondi otsalawo muziwasungira funso limeneli.