Chisoni chosatchulidwa: yankho lomwe ochonga mayeso amalipatsa malikisi ambiri

Funso lakuti "Fotokozani momwe mlakatuli waonetsera chisoni m'ndakatuloyi" limaoneka lophweka, koma lagwetsa ophunzira ambiri. Chomwe chimawagwetsa ndi liwu limodzi lokha, lakuti "momwe". Ambiri amayankha ngati afunsidwa kuti chachitika n'chiyani, n'kudzaza tsamba lonse ndi nkhani ya maliro. Wochonga mayeso nkhaniyo amaidziwa kale. Chomwe akufuna n'chakuti wophunzira aonetse zimene mlakatuli wachita ndi mawu, mizere ndi ndime kuti wowerenga amve kuwawa.

Ndakatulo yabwino yoyeserapo luso limeneli ndi "Mid-Term Break" ya Seamus Heaney, mlakatuli wa ku Ireland amene anabadwa mu 1939 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1995. Ndakatuloyi ili m'buku lake la 1966, Death of a Naturalist, ndipo imachokera pa zomwe zinam'chitikiradi. Mu 1953, iye ali pasukulu yogonera komweko ya St Columb's mumzinda wa Derry, mng'ono wake Christopher anagundidwa ndi galimoto n'kumwalira ali kamwana.

Nkhani yake ndi yaifupi. Mnyamata akudikira m'chipinda cha odwala pasukulu mpaka anansi kudzamutenga. Kunyumba akupeza bambo ake akulira pakhomo, khanda likuseka, azibambo achikulire akuimirira kuti amupatse moni wa dzanja, mayi ake atamugwira dzanja koma misozi osatuluka. Usiku ambulansi ikubweretsa thupi, ndipo m'mawa mnyamatayo akukwera kuchipinda kukaona mng'ono wake m'bokosi. Ndakatulo yonse ili ndi mizere 22: ndime 7 za mizere itatuitatu, kenako mzere umodzi woima pawokha.

Nali yankho lachitsanzo. Pamayeso enieni wophunzira amakopera mawu a mlakatuli ndendende ngati umboni. Pano mawuwo angofotokozedwa m'Chichewa.

"Heaney akuonetsa chisoni ngati chinthu chimene mwana sangathe kuchitchula. M'ndakatulo yonse woyankhula sakunena kuti ndikumva chisoni, ndipo sakulira. Akungonena zomwe akuona, ndipo wowerenga ndiye akusenza kuwawako.

"Poyamba, woyankhula akugwira nthawi mwamphamvu. Akuwerenga kulira kwa mabelu a sukulu, akutchula ola lomwe anansi anamutenga ndi ola lomwe ambulansi inafika. Izi zikuonetsa mwana wodzidzimuka amene akukakamira zinthu zowerengeka chifukwa imfayo yamukulira. Ngakhale liwu lomwe mlakatuli wasankha pofotokoza kulira kwa mabeluwo ndi lija lonenera belu la maliro, kotero wowerenga akumva imfa isanatchulidwe.

"Kunyumba, chisoni chikuonekera mwa anthu ena, ndipo chasokoneza malo a aliyense. Bambo amene sankagwedezeka pamaliro tsopano akulira poyera, pomwe mayi ali ndi ukali wopanda misozi. Akuluakulu akuimirira mwana, ndipo iye akuchita manyazi. Manyaziwa ndiwo okhawo amene woyankhula akuvomera kuti akumva, zomwe zikusonyeza kuti akadali mlendo pa tsoka la banja lake lomwe. Kuseka kwa khanda kukukuza ululu chifukwa ilo silikudziwa kanthu.

"Kusintha kwakukulu kuli m'ndime ziwiri zomaliza. Ambulansi itafika, woyankhula akutchula mng'ono wake ngati mtembo chabe. Koma ali yekha m'chipinda, pakati pa maluwa ndi makandulo, akuyamba kumunena ngati munthu, n'kufanizira bokosilo ndi kabedi kake. Mzere womaliza waima wokha, monga momwe mwanayo wachotsedwera pakati pa abale ake, ndipo ukugwirizanitsa kutalika kwa bokosi ndi zaka zinayi za mwanayo. Apa m'pamene tikudziwira msinkhu wake. Woyankhula akuwerengabe monga poyamba paja, koma tsopano kuwerengako sikukumuteteza."

Malikisi oyamba a yankho ili ali m'chiganizo choyamba chomwe. Wophunzira sanayambe ndi mbiri ya mlakatuli kapena kubwereza funso. Wanena msangamsanga mfundo yomwe aiteteze, yakuti chisoni cha mwanayu n'chosatchulika. Ndime iliyonse yotsatira ikubwerera ku mfundo imeneyi. Wochonga amene wawerenga mulu wa mapepala amazindikira mwachangu yankho lomwe likudziwa kumene likupita.

Koma pamene yankholi lasiyaniranatu ndi mayankho apakatikati ndi pa umboni. Wophunzira wamba amalemba kuti bambo akulira, choncho ali ndi chisoni. N'zoona, koma n'zimene aliyense akuona, ndipo malikisi ake ndi ochepa. Yankho lachitsanzoli lafunsa chifukwa chake mlakatuli akutiuza kuti bamboyo kale sankalira pamaliro, n'kupeza kuti imfayi yatembenuza dongosolo la m'nyumba. Lachitanso chimodzimodzi ndi maola: lawatchula, kenako lanena ntchito yomwe akugwira. Njira yodziyesera ndi iyi: ngati chiganizo chikhoza kulembedwa ndi munthu amene wangomva nkhaniyo kwa mnzake osawerenga ndakatulo, ndiye kuti ndi kufotokoza nkhani chabe. Zoti woyankhula wasiya kunena "mtembo" n'kuyamba kunena za munthu, sangazione amene sanayang'ane mawuwo mwachidwi.

Chinanso n'chakuti yankholi lakhudza kamangidwe ka ndakatulo, gawo lomwe ophunzira ambiri amalithawa kapena kulichita mwamwambo chabe. Kulemba kuti ndakatuloyi ili ndi ndime 7 za mizere itatu sikupindula kanthu pakokha. Phindu limabwera ponena kuti ndime zofananazo zikukhazikitsa chizolowezi chimene mzere wa 22 ukuchithyola. Wophunzira wofuna kuonjezera akhoza kunenanso kuti mizere iwiri yomaliza ikuthera ndi mawu omveka mofanana ndendende, kotero ndakatulo ikutsekeka mwamphamvu, ndiponso kuti mutu wake ukulonjeza tchuthi cha pakati pa teremu pomwe mnyamatayo akupita kumaliro.

Yankholi lili ndi pofooka pake, ndipo wochonga wokhwima angapaone. Mawu akuti mzere womaliza waima wokha monga mwana wochotsedwa pakati pa abale ndi kumasulira kwa wophunzira, osati chinthu chomwe ndakatulo yanena. Kumasulira kotere kumaloledwa, bola kukhale ndi potsamira, ndipo kuno kulipo. Pamene ena amagwera ndi pa chilonda cha pachipumi cha mwanayo, chomwe mlakatuli wachifanizira ndi duwa lofiira. Ena amalemba tsamba lathunthu la nkhondo chifukwa ku Britain duwalo limavalidwa pokumbukira asilikali omwe anafa. Kutchula kukumbukirako m'chiganizo chimodzi n'kokwanira. Kupitirira apo, wophunzira wasiya ndakatulo n'kuyamba kuyankha funso lomwe sanafunsidwe.

Mbiri ya mlakatuli nayo imafuna muyeso. Pamayeso ena imakhala ndi malikisi ake, pa ena ayi, choncho wophunzira aone zomwe silabasi yake ikufuna. Yankho lachitsanzoli lagwiritsa ntchito liwu lakuti "woyankhula" polankhula za mnyamatayo ndi "mlakatuli" polankhula za wosankha mawu, chifukwa amene anaima m'chipindamo anali wa zaka 13, pomwe amene anaganiza zosunga msinkhu wa mwanayo mpaka mzere womaliza anali munthu wamkulu. Wolemba mayeso a MSCE akakumana ndi ndakatulo ya Chichewa ya maliro, kusiyanitsa anthu awiriwa kumagwiranso ntchito chimodzimodzi, ngakhale kuti kumeneko umboni wake ukhoza kukhala kubwereza kwa mawu olirira, mivekero kapena mafunso ofunsa malemu.