Kilogalamu ya mafuta sichoka pa tsiku lomwe masamu anena

Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, osati 9,000, poti muli madzinso. Ndiye ukamadya mochepetsa ndi makalori 500 patsiku, masamu akuti uzitaya kilogalamu masiku 15 alionse, makilogalamu 24 pachaka.

Koma thupi silikhala phee. Likapepuka limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa, poyenda ngakhale pogona, ndipo 500 uja amanka naphwa mwezi ndi mwezi. Njala nayo imakula, munthu n'kumawonjezera chakudya osadziwa. Ngakhale wosaphonya tsiku, chaka chikamatha amataya mwina theka chabe. Sabata yoyamba imanyenganso, chifukwa zambiri zochoka ndi madzi. Zimandiwawa kuona anthu akudziimba mlandu wa ulesi, chonsecho cholakwika ndi masamuwo.