Mwala wolemera ndi wopepuka: n'chifukwa chiyani imafikira limodzi pansi?

Mutatenga mwala wa makilogalamu 10 ndi wina wa kilogalamu imodzi n'kuiponya nthawi imodzi kuchokera padenga, ndi uti ungayambe kufika pansi? Ambiri angaloze wolemerawo. Katswiri wa nzeru wa ku Girisi, Aristotle, ankaphunzitsanso choncho, ndipo anthu anamukhulupirira kwa zaka pafupifupi 2,000. Koma zoona zake n'zakuti tikapanda kuwerengera mpweya, miyala yonseyo imafikira limodzi.

Kodi si zoona kuti dziko limakoka kwambiri mwala wolemera?

N'zoonadi, ndipo apa ndi pamene pamasokoneza mitu. Mphamvu imayezedwa m'manyutoni. Dziko lapansi limakoka mwala wa kilogalamu imodzi ndi manyutoni 9.8, pomwe wa makilogalamu 10 limaukoka ndi manyutoni 98. Ndiye kuti wolemerawo ukukokedwa kakhumi kuposa unzake, ndipo dzanja lanu likhoza kuchitira umboni.

Nanga bwanji sutsogola?

Chifukwa chinthu cholemera n'chovutanso kuchiyendetsa. Amene anakankhapo wilibala amadziwa kuti yopanda kanthu imanyamuka ndi kamphamvu kochepa, koma yodzadza njerwa imafuna munthu adzipinde kuti iyambe kuyenda mofanana ndi inzakeyo. Si kuti njerwazo zimangokanikiza tayala pansi ayi. Chinthu chilichonse chimakana kusintha mayendedwe ake, ndipo chikalemera kakhumi, kukana kwakenso kumakula kakhumi.

Isaac Newton anafotokoza zimenezi m'buku lake la mu 1687: kuti mudziwe m'mene liwiro la chinthu likuwonjezekera, gawani mphamvu imene ikuchikoka ndi makilogalamu ake. Tiyese. Kugawa 9.8 ndi 1 kukutipatsa 9.8. Kugawa 98 ndi 10 kukutipatsanso 9.8. Mphamvu yowonjezera imene mwala waukulu walandira yathera pa kuyendetsa thupi lake lalikululo, osatsalako ngakhale pang'ono yoti upitirire nayo unzake.

Kodi 9.8 ameneyu akutanthauza chiyani?

Akutanthauza kuti sekondi iliyonse, liwiro la mwala wakugwa limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi. M'sekondi yoyamba mwala umatsika mamita 4.9. Pofika kumapeto kwa sekondi yachiwiri umakhala utatsika mamita 19.6, ukuthamanga pafupifupi makilomita 70 pa ola. Powerengera zonsezi sitinafunseko n'komwe kuti mwalawo ukulemera bwanji.

Ndani anatulukira zimenezi?

Dzina lotchuka ndi la Galileo wa ku Italy. Nkhani yoti anaponya mipira kuchokera pa nsanja yopendekeka ya ku Pisa inalembedwa ndi wophunzira wake, Viviani, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amaikayikira. Chodziwika bwino n'chakuti mu 1586 Simon Stevin anaponya mipira iwiri ya mtovu mumzinda wa Delft, wina wolemera kakhumi kuposa unzake, ndipo kugunda kwake kunamveka ngati kumodzi.

Koma chimene chimandigometsa ine ndi funso la Galileo lomwe silifuna nsanja. Tiyerekeze kuti Aristotle ankanena zoona, ndipo mwamangirira mwala waung'ono ku waukulu. Waung'onowo, poti ndi wochedwa, uyenera kuchedwetsa waukuluwo. Komatu miyala iwiri yomangidwayo tsopano ndi chinthu chimodzi cholemera kuposa mwala waukulu uja, choncho iyenera kugwa mofulumira kuposa kale. Chinthu chimodzi sichingachedwe ndi kufulumira nthawi imodzi. Mfundo ya Aristotle ikudzitsutsa yokha.

Nanga bwanji nthenga imachedwa?

Ndi mpweya. Chinthu chikamagwa chimakankha mpweya, nawo n'kumachibweza. Kwa mwala wogwa mamita ochepa, kubweza kumeneku n'kochepa poyerekeza ndi kulemera kwake, koma kwa nthenga kumafika msanga pofanana ndi kulemera kwake konse. Mu Ogasiti 1971, David Scott wa ulendo wa Apollo 15 ataima pamwezi, pomwe palibe mpweya, anaponya hamala ndi nthenga ya kabawi, ndipo zinafikira limodzi.

Mtunda ukatalika kwambiri, ngakhale miyala imasiyana pang'ono, chifukwa mpweya umachedwetsa kwambiri waung'onowo.

Kodi ndingayese ndekha?

Inde, koma samalani ndi manja, chifukwa dzanja lonyamula cholemera silitula nthawi yofanana ndi linzake. Ndi bwino kuika miyalayo m'mphepete mwa tebulo, kuikankha limodzi ndi thabwa, n'kumvetsera kugunda kwake pa simenti, pakuti khutu limagwira kusiyana kumene diso silingaone. Mukatero, dulani pepala locheperapo kuposa buku, muliike pamwamba pa bukulo, musiye zigwe. Bukulo lipatula mpweya, ndipo pepala lija, lomwe palokha likanayandama, lifika pansi limodzi ndi bukulo.