Kufunsa mwaulemu pamene uthenga wafika wosamveka

Uthenga wosamveka ndi umene wolandira sangachitepo kanthu popanda kungoganizira zimene mwini wake akufuna. Mauthenga otere achuluka pa lamya za m'manja, monga akuti "Zija zili pati?", "Mubwere tikambirane" kapena "Kuno kwavuta." Kawirikawiri wolemba sachita dala. Nkhani yonse ili m'mutu mwake, ndipo amaiwala kuti mnzakeyo sakuona zimene iye akuona. Ena amafupikitsa mawu poti akulemba ali pantchito, ena poti SMS imodzi imatenga zilembo 160 zokha, pamene ena amazungulira chifukwa cha manyazi, makamaka nkhani ikakhala ya ndalama.

Wolandira amakhala pakati pa zovuta ziwiri. Akangoganizira n'kuchita, akhoza kugula chinthu cholakwika kapena kufika tsiku lolakwika, ndipo paja akuluakulu amati safunsa adadya phula. Akafunsa mosasamala, funso lake limamveka ngati mwano, chifukwa mawu olembedwa alibe nkhope kapena kamvekedwe ka liwu kamene kamafewetsa nkhani anthu akamayankhulana maso ndi maso.

Choyamba ndi kuwerenganso uthengawo n'kupeza chenicheni chimene chikusowa. Nthawi zambiri chimakhala chimodzi mwa zinayi: chinthu chimene chikunenedwa, kuchuluka kwake, nthawi yake, kapena munthu ndi malo okhudzidwa. Ndi bwinonso kubwerera m'mauthenga akale, chifukwa mwina "zija" zinatchulidwa kale sabata yatha. Kufunsa chinthu chimene munthu anafotokoza kale kumaonetsa kuti mawu ake sanasamalidwe, ndipo zimenezi zimapweteka kuposa funso lenilenilo.

Yankho labwino limakhala ndi magawo anayi otsatizana. Limayamba ndi moni ndi dzina laulemu loyenera munthuyo. Kenako limanena zimene zamveka kale, kuti wolemba adziwe kuti uthenga wake wafika ndipo walandiridwa. Funso limabwera pachitatu, ndipo pomaliza pamabwera chifukwa chofunsira. Chifukwacho chiyenera kuloza kwa wofunsayo. Mawu akuti "kuti ndisalakwitse" amasenzetsa wofunsa vutolo, pamene akuti "simunafotokoze bwino" amaloza chala wolemba, ngakhale kuti onse awiri akupempha chinthu chimodzi.

Chitsanzo chabwino ndi cha mnyamata wogwira ntchito ku Lilongwe amene walandira uthenga kuchokera kwa amalume ake kumudzi mwezi wa Novembala, wakuti: "Mphwanga, mvula yayandikira. Uganizepo za feteleza uja." Uthengawu ukuoneka womveka, koma muli mipata itatu. Sukunena mtundu wa feteleza, pamene chimanga chimafuna wokulitsa, wa NPK, amene amathira koyambirira, ndi wobereketsa, wa Urea, amene amathira chimanga chitakulako. Sukunenanso kuchuluka kwa matumba, komanso ngati amalumewo akufuna ndalama kapena fetelezayo atagulidwa kale. Mnyamatayo akangotumiza thumba limodzi la Urea, likhoza kukafika pamene amalume akufuna wokulitsa, ndipo nthawi yothira idzadutsa.

Yankho lakuti "Feteleza wake uti?" ndi lolondola koma louma, ndipo munthu wamkulu akhoza kulimva ngati chiyambi cha kukana. Loyenera lingakhale lotere: "Amalume, mwaswera bwanji? Uthenga wanu wa feteleza ndaulandira, ndipo ndithandizapo. Kuti ndisagule zolakwika, kodi wofunika msanga ndi wokulitsa kapena wobereketsa? Nanga ndi matumba angati a makilogalamu 50? Ndiuzeninso ngati nditumize ndalama kapena ndigule konkuno."

Mphamvu ya yankholi ili pa zinthu ziwiri. Mawu akuti "ndithandizapo" abwera mafunso asanayambe, choncho amalume sangaganize kuti mphwawo akufuna pothawira. Ngati mnyamatayo sanatsimikize kuti akwanitsa, asalonjeze; anene kuti akufuna adziwe kukula kwa nkhaniyo kuti aone pamene angathandize. Chachiwiri, mafunsowo akupereka mayankho oti munthu asankhepo. Funso lotseguka, monga lakuti "Mukufuna chiyani kwenikweni?", limabwezera ntchito yonse kwa wolemba ndipo limabala uthenga winanso wosamveka. Funso lakuti "ichi kapena icho" limayankhika ndi liwu limodzi, ngakhale ndi munthu amene kulemba pa lamya kumamuvuta.

Mafunso asapitirire atatu mu uthenga umodzi. Akachuluka, amamveka ngati munthu ali pamlandu, ndipo ambiri amangoyankha lomaliza n'kusiya enawo. Pakakhala zofunsa zambiri, patsogole funso limene ena onse akudalira. M'chitsanzo chija, mtundu wa feteleza ndiwo uyenera kudziwika kaye, za kayendedwe ka katundu zikhoza kudikira.

Pali mayankho ena amene amamveka mwano pafupifupi kwa aliyense. Kutumiza chizindikiro cha funso chokha, kapena liwu limodzi monga "Chiyani?" ndi "Ndiye?", kumaonetsa kutopa ndi munthuyo. Funso loyamba ndi "bwanji", monga "Bwanji simunanene kale?", silifuna kudziwa kanthu koma limadzudzula. Zilembo zikuluzikulu zokhazokha zimawerengeka ngati kukalipa. Ulemu nawonso uli ndi malire ake: "pepani" mmodzi ndi wokwanira, chifukwa kupepesa kukachuluka funso limabisika ndipo wowerenga salipeza. Kuntchito, bwana akalemba kuti "Mubweretse lipoti lija mawa," ndi zokwanira kuyankha kuti: "Zikomo bwana, ndamva. Kodi ndi la mwezi watha kapena la chaka chonse, ndipo lifike nthawi yanji?"

Mauthenga ena amakhala osamveka mwadala, ndipo awa safuna mafunso olemba. Nkhani ya matenda aakulu kapena maliro sinenedwa mwachindunji pa lamya, achibale amalemba kuti "kuno zinthu sizili bwino" kapena "mubwere msanga." Kupanikiza munthu wotere kuti afotokoze zonse m'malemba ndi kumukakamiza kunena zimene akufuna kuti zinenedwe pakamwa. Apa choyenera ndi kuimba lamya. Kuimba kumathandizanso pamene funso layankhidwa kawiri koma nkhani sikumvekabe, kapena pamene mayankho ayamba kufupika, chimene chimasonyeza kuti munthuyo wayamba kunyansidwa.

Uthenga wa ndalama wochokera ku nambala yachilendo, monga wakuti "Ndalama ija tumizani pa nambala iyi," umafuna kusamala kwina. Akuba amalemba mosamveka chonchi kuti wolandira adzaze yekha mpatawo ndi dzina la munthu amene ali naye ngongole. Kufunsa kuti "Kodi ndinu auje?" n'kumupatsa wakubayo dzina loti avomere. Funso labwino ndi lakuti "Pepani, nambalayi ndilibe, kodi ndikuyankhula ndi ndani?" Kenako aimbire munthu wotchulidwayo pa nambala yake yodziwika, ndipo potumiza pa Airtel Money kapena TNM Mpamba aonetsetse dzina la wolandira asanatsimikize. Munthu wachilungamo sakwiya ndi funso lotere.

Mayankho akabwera, nkhani imatsekedwa pobwereza mgwirizano m'chiganizo chimodzi: "Zikomo amalume, ndamva kuti ndi matumba awiri a wokulitsa, ndipo ndalama nditumiza Lachisanu." Ngati pali chimene chinamveka molakwa, amalume amachikonza pomwepo ndalama isanatuluke, ndipo uthengawo umatsala pa lamya za onse awiri ngati umboni wa zimene anagwirizana.