Nambala ya OTP Ikapanda Kubwera, Imakhala Yatsakamira Pati?

Amene analipirapo chinthu pa intaneti ndi khadi ya ku banki akulidziwa tsamba lomaliza lija. Mwalemba manambala 16 a kumaso kwa khadi, mwezi ndi chaka chimene idzathere mphamvu, komanso manambala atatu a kumbuyo otchedwa CVV. Kenako pakutuluka kabokosi kopempha OTP, nambala yachinsinsi yogwira ntchito kamodzi kokha, imene banki iyenera kukutumizirani pa foni. Mphindi zikutha, foni ili zii. Ambiri apa amatukwana netiweki, ndipo nthawi zina amalondola. Koma uthengawo umadutsa m'manja mwa anthu angapo usanafike m'thumba mwanu, ndipo malo alionse amene ungatsakamire amasiya chizindikiro chake. Munthu wodziwa kuwerenga zizindikirozo sataya tsiku lonse pa mzere wa ku banki chifukwa cha vuto limene likanatha pozimitsa foni ndi kuiyatsanso.

Choyamba n'chakuti OTP situmizidwa ndi sitolo imene mukugulako. Njira yotsimikizira mwini khadi imeneyi imatchedwa 3-D Secure. Pa khadi ya Visa mudzaona dzina lakuti Visa Secure, pa ya Mastercard mudzaona Identity Check. Mukadina batani lolipirira, sitoloyo imafunsa Visa kapena Mastercard kuti khadiyi ndi ya banki iti, ndipo iwo amapereka funsolo ku kompyuta imene imatsimikizira makhadi m'malo mwa banki yanu. Kompyuta imeneyo ndi imene imapanga nambalayo, n'kuyang'ana m'kaundula wake kuti mwini khadi ali ndi foni iti. Kabokosi kamene mumalembamo OTP ndi ka mbali ya banki, ngakhale kakuoneka mkati mwa tsamba la sitolo. N'chifukwa chake kulembera ogulitsa kuti akutumizireni nambala ina n'kutaya nthawi. Iwo saiona n'komwe.

Kabokosiko kakatuluka, musathamangire kuyang'ana foni. Werengani kaye zimene zalembedwapo. Kawirikawiri pamakhala dzina la ogulitsa, ndalama zimene mukulipira, ndi nambala ya foni yobisidwa, yoonetsa manambala atatu kapena anayi omalizira. Timanambala timeneti ndi umboni woyamba, ndipo ambiri amatilumpha. Ngati sitikufanana ndi ta foni imene ili m'manja mwanu, netiweki ilibe mlandu uliwonse. Uthenga unapita, koma unapita kwina.

Zimenezi zimachitika kawirikawiri kuposa mmene anthu amaganizira. Munthu anatsegula akaunti zaka khumi zapitazo ali ndi nambala ya 088 ya TNM, kenako anasamukira ku 099 ya Airtel, kapena foni inabedwa n'kungogula simu ina m'malo mobwezeretsa yakale. Mwinanso anapitadi ku banki n'kusintha nambala, ndipo mauthenga a malipiro a pamwezi akumufika bwinobwino. Vuto n'lakuti m'mabanki ambiri kaundula wa maakaunti ndi wa makhadi ndi osiyana, moti kalaliki akhoza kukonza mmodzi winayo n'kutsala ndi nambala yakale. Palinso kalakwidwe kakang'ono ka malembedwe. Nambala ya kuno ikalembedwa ndi +265, ziro wa kumayambiriro amachotsedwa. Wolemba akamusiya, manambala omalizira amaoneka olondola pa kabokosi kaja, koma uthenga ukhoza kusowa kolowera.

Nkhani ya nambala yakale imandidetsa nkhawa kuposa zina zonse, chifukwa simu ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito, kampani ya mafoni imaitseka ndipo pambuyo pake imagulitsa nambalayo kwa munthu wina. Ndiye kuti penapake pali mlendo amene akulandira manambala anu achinsinsi, pamodzi ndi dzina la sitolo ndi ndalama zimene mumafuna kulipira. Imeneyi si nkhani yodikira mapeto a mwezi. Tengani chiphaso chanu cha unzika, pitani ku nthambi ya banki, ndipo nenani momveka kuti mukufuna asinthe nambala imene imalandira OTP ya khadi, osati ya akaunti yokha.

Tinene kuti manambala omalizirawo ndi anu. Apa mpamene netiweki imalowa m'nkhani. Banki simatumiza meseji ngati mmene mnzanu amachitira. Imaupereka uthengawo ku kampani imene ntchito yake ndi kutumiza mameseji ochuluka, kampaniyo imaupereka ku malo osungira mameseji a Airtel kapena TNM, ndipo kumeneko amafufuza kuti foni yanu ili pansi pa nsanja iti. Foniyo ikapanda kupezeka, uthenga sutayidwa. Umasungidwa, n'kudzayesedwanso pakapita kanthawi. Kwa meseji ya moni palibe vuto. Koma OTP imakhala ndi moyo wa mphindi zochepa chabe, malinga ndi mmene banki inakonzera, choncho ikachedwa panjira imafika itafa kale.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti WhatsApp imakhala ikugwira ntchito. Meseji wamba siyendera bandulo kapena Wi-Fi, imafuna kuti simuyo payokha ilumikizane ndi nsanja. Mukhoza kukhala mu ofesi ya makoma ochindikala, intaneti ikuthamanga, koma timizere ta netiweki pa foni titatheratu. Magetsi a ESCOM akazima nthawi yaitali, nsanja zimadalira mabatire ndi majenereta, ndipo dizilo akasowa zina zimagona. A m'chigawo cha kummwera anazionera okha mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mapolo a magetsi. Komanso madzulo, kapena masiku olandira malipiro, mameseji a mabanki amachuluka n'kupanga mzere.

Tiyerekeze mayi wina ku Lilongwe akulipira ndalama yofunsira malo pa sukulu ya ukachenjede ya kunja. Nthawi ili 19:40, ndipo tinene kuti banki yawo imapatsa nambala iliyonse mphindi zisanu. Nambala yoyamba yapangidwa, koma yaima pa mzere. Patatha mphindi imodzi mayiwo akudina `Resend`, ndipo 19:42 akudinanso. Chimene sakudziwa n'chakuti pa makina ambiri nambala yatsopano ikapangidwa, yam'mbuyo imafa nthawi yomweyo. Ikamakwana 19:46 foni ikulira katatu motsatizana. Iwo akulemba nambala imene aiona poyamba, yakanidwa. Akulemba yachiwiri, yakanidwanso. Pamene akulemba yachitatu, imene inali yamoyo, 19:47 yadutsa ndipo nayonso yatha mphamvu. Mabanki ambiri amatseka njira yolipirira pa intaneti munthu akalakwitsa katatu, ndiye vuto limene linali la mphindi zisanu lasanduka ulendo wa ku banki.

Mayiwa akanadikira kaye mphindi ziwiri kapena zitatu osadina kanthu. Akanasunthira pafupi ndi zenera, n'kuyatsa `Airplane mode` kwa masekondi pang'ono kenako n'kuizimitsa, chifukwa foni ikalowanso pa netiweki, mameseji amene amadikira amatsitsidwa. Akanapempha nambala ina kamodzi kokha. Ndipo mameseji atabwera ambiri, akanalemba ya uthenga wotumizidwa pomalizira. Mabanki ena amaika kachizindikiro ka zilembo kapena manambala pa kabokosi kaja komanso mu meseji, kuti mudziwe kuti nambala iyi ndi ya pempho liti. Kakakhalapo, fananitsani.

Foni nayonso ili ndi mbali yake. Timafoni tating'ono ta mabatani timadzaza, ndipo kenvulopu kakayamba kuphethira, meseji yatsopano silowa mpaka mutafufuta zakale. Pa mafoni amakono, meseji yochokera ku dzina la kampani osati nambala nthawi zina imaponyedwa mu `Spam & blocked`, ndipo alipo amene anatseka dzina la banki yawo okha atatopa ndi mameseji otsatsa ngongole. Pa foni ya masimu awiri, onani kuti simu ya ku bankiyo ndi yoyatsa. Njira yachangu yoyesera ndi kupempha wina akutumizireni meseji wamba. Ikapanda kufika, vuto lili pa foni kapena pa netiweki yanu. Ikafika msanga koma OTP osabwera, kaikirani njira ya pakati pa banki ndi kampani ya mafoni, chifukwa mameseji a makampani amalowera khomo losiyana ndi la anthu wamba.

Abale athu a ku Joni ndi ku Ulaya amakumana ndi zimenezi mowirikiza. Khadi ndi ya kumudzi, simu ya kumudzi ili m'chikwama kapena inatsala ndi achemwali ku Mangochi. Kuti OTP iwapeze, simuyo iyenera kukhala mu foni, yamoyo, ndiponso yololedwa kugwira ntchito pa netiweki ya dziko limene alilo. Chanzeru ndi kufunsa banki musananyamuke ngati ingatumize nambalayo pa imelo kapena pa pulogalamu yake ya pa foni, poti si mabanki onse amene amatero.

Nthawi zina kabokosi ka OTP sikatuluka n'komwe, kapena kamatuluka n'kunena kuti kutsimikizira kwalephera musanalembe kanthu. Apa palibe uthenga umene unatumizidwa, ndiye kuyang'ana foni sikuthandiza. Mwina khadi ndi yatsopano ndipo sinalembetsedwe kuti izilipira pa intaneti, mwina inatsekedwa mutalakwitsa katatu, mwinanso makina a banki akukonzedwa. Zosiyana ndi zimenezi ndi pamene OTP yafika, mwailemba, yalandiridwa, koma malipiro n'kukanidwabe. Kumeneko nambala inagwira ntchito yake, chakana ndi china: ndalama zosakwanira, kapena malire a ndalama zakunja amene mabanki a m'dziko muno akhala akuika pa makhadi chifukwa cha kusowa kwa madola.

Poimbira banki, gwiritsani ntchito nambala imene ili kumbuyo kwa khadi. Konzeranitu nthawi imene munayesa, dzina la ogulitsa, ndalama zake, ndi manambala anayi omalizira a khadi. Mukangonena kuti OTP sikubwera, yankho lidzakhala lakuti muyesenso. Funsani ngati pempho la nthawi imeneyo linafika kwa iwo, nambala ya foni imene analitumizako, komanso ngati makina akuonetsa kuti meseji inaperekedwa. Mabanki ayenera kumayankha mafunso amenewa popanda kasitomala kuchita kukakamira, chifukwa mbiri yake ali nayo.

Pali mtundu umodzi wa kusowa kwa OTP umene sufuna kudikira ngakhale mphindi imodzi. Foni yanu ikataya netiweki mwadzidzidzi pamene anzanu a kampani yomweyo ali nayo, ndipo kuzimitsa n'kuyatsa osathandiza, n'kutheka kuti wina wanamiza ogulitsa masimu n'kutulutsa simu ina ya nambala yanu. Zikatero, ma OTP anu akufikira iyeyo. Bwerekani foni, imbirani banki atseke khadi, kenako pitani ku ofesi ya kampani ya mafoni ndi chiphaso. Chimodzimodzinso OTP ikafika pamene simukugula kanthu: ndiye kuti wina ali ndi manambala a khadi yanu ndipo wangotsala ndi nambala imeneyo. Posachedwa akhoza kukuimbirani ndi mawu aulemu, akuti ndi a ku banki ndipo akufuna kukuthandizani kuletsa malipirowo mukawawerengera nambalayo. Wogwira ntchito ku banki weniweni safunsa OTP. Dulani foniyo, muimbe nokha nambala ya kumbuyo kwa khadi kuti aitseke ndi kukupatsani ina.